Ritani kapena mawaniweyi awiri? Masamu ake ali pa ulendo wobwerera

Anzathu a geni ndi inu mabwana a mathiraki, funso la tikiti latulukanso sabata ino, ndipo mayankho ake agawikana monga mwa masiku onse. Ena akuti ritani ndiye yotchipa chifukwa a basi amachotserako kangachepe. Ena akuti ritani ndi msampha, bola kugula yopita yokha, yobwerera ukaonere konko. Onsewa akunena zimene zinawachitikiradi, koma aliyense akuwerenga ulendo wake wokha.

Ife timayenda njira ya ku Joni kuchokera ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, ndipo nthawi zina timakwera ndege mpamba ukalola. Pa maulendo onsewa taona kuti ulendo wopita suvuta kuwerengera. Tsiku ukulidziwa, katundu ndi kachikwama kamodzi, ndalama yolipirira ndi kwacha imene ili m'manja. Nkhani yonse ili pa ulendo wobwerera: ulipira ndi ndalama ya dziko liti, ubwerera tsiku liti, ndipo udzakhala ndi katundu wochuluka bwanji. Amene akuyerekeza mitengo iwiri yolembedwa pa windo la ofesi osafunsa zitatuzi sanayambe n'komwe kuyerekeza.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene ambiri amasokonezekera. Manambala amene tigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke, si mitengo ya kampani iliyonse. Inu muikepo mitengo imene mwauzidwa lero.

Tinene kuti ku ofesi ku Blantyre akuuzani kuti yopita yokha ndi K300,000, pamene yopita ndi kubwera ndi K560,000. Munthu amafulumira kunena kuti, mawaniweyi awiri ndi K600,000, ndiye ritani ikundipulumutsira K40,000. Masamu amenewa ndi olakwika, chifukwa waniweyi yachiwiriyo simukaigula ku Blantyre pa K300,000. Mukaigula ku Joni, pa Park Station kapena pamene basi yanu imapakirira, ndipo kumeneko mtengo ndi wa marandi. Choyenera kuchita ndi kuchotsera: K560,000 kuchotsapo K300,000 itsala K260,000. Imeneyo ndiye ndalama imene mukulipiradi pa ulendo wobwerera mukagula ritani. Tsono K260,000 imeneyo ndi imene muiyerekeze ndi mtengo wa ku Joni.

Tinene kuti ku Joni akuti R1,400. Kodi R1,400 ndi makwacha angati? Apa ndiye pali nkhani, chifukwa tonse tikudziwa kuti randi ili ndi mitengo iwiri kwathu kuno, wa kubanki ndi umene munthu amaipezera akasowa kubankiko. Ngati marandi anu munawapeza kubanki, tinene pa K100, ndiye kuti tikiti ya ku Joniyo yakudyerani K140,000 yokha, ndipo kugula ritani kukanakhala kutaya K120,000. Koma ngati randi iliyonse inakudyerani K220, tikiti yomweyo yakwana K308,000, ndipo ritani yakupulumutsirani K48,000. Basi yomweyo, mpando womwewo, tsiku lomwelo, koma anthu awiri okhala pafupi akhoza kupeza mayankho osiyana, ndipo onse akhala akulondola.

Pali kachidule kamene timachita pa foni tili pa windo pomwepo. Gawani K260,000 ndi 1,400. Mupeza pafupifupi K186. Nambala imeneyo ndiye malire. Ngati randi yanu munaigula mopitirira K186, lipirani ulendo wobwererawo m'makwacha musananyamuke. Ngati munaipeza motsika kuposa pamenepo, kapena muli ndi m'bale ku Joni amene ali ndi ngongole yanu ya marandi, kagulireni konko. Chofunika ndi kuwerengera ndi mtengo umene munalipiradi pogula marandiwo, osati umene mwamva pa wailesi.

Kwa ife ogula katundu palinso china. Marandi ndi ovuta kupeza kuposa makwacha. R1,400 imene yapita ku tikiti ndi R1,400 imene sinagule nsapato kapena mabulangete ku Dragon City, ndipo katundu ameneyo akanabwera ndi phindu lake. Ndiye ngakhale mitengo iwiriyo itafanana ndendende, ife timakonda kulipira m'makwacha chilichonse chimene chingalipiridwe m'makwacha, marandi tiwasungire katundu. Ndipo tikiti yolipiridwa kale siikwera mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ankafuna marandi atsopano oti abwerere anazimva m'thumba, pamene amene anali ndi tikiti yake yolipira kale anangokwera.

Mpaka pano ritani ikuoneka ngati yapambana, makamaka kwa ambiri a ife amene kubanki sitipeza marandi okwanira. Koma tikiti yotchipa ndi imene mwakwerera. Imene yathera m'chikwama ndi yodula kuposa ina iliyonse.

Ulendo wa geni suyenda ndi kalendala. Mukafika mupeza kuti katundu amene mumafuna watha pa shopu, akuti abwera Lachinayi. Ndalama imene kasitomala analonjeza kutumiza yachedwa masiku atatu. Kapena zayenda bwino kuposa mmene mumaganizira, mwamaliza kuoda tsiku lachiwiri, koma tikiti yanu ndi ya tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo masiku anayi otsalawo mukulipira malo ogona ndi chakudya popanda chochita. Malo ogona a R300 pa usiku, masiku anayi ndi R1,200, pafupifupi mtengo wa tikiti ina. Zonsezi sizilembedwa pa risiti, koma zimachoka mu mpamba womwewo.

Ndiye musanapereke ndalama ya ritani, funsani mmene amasinthira tsiku, ndipo funsani mwatsatanetsatane. Kodi tsiku limasinthika? Muyenera kuwauza kutatsala maola angati? Amalipiritsa zingati? Ngati mtengo wa tsiku latsopanolo wakwera, mukuwonjezera? Ndipo basi ikakusiyani, tikitiyo yafa kapena amakuikani pa yotsatira? Makampani amasiyana kwambiri pamenepa. Ena amasintha ndi foni imodzi, ena amadula gawo la ndalama, ena akuuzani kuti mugule ina. Yankho limene mwapatsidwa alilembe pa tikitipo kapena akutumizireni pa uthenga wa pafoni, chifukwa amene wakugulitsani ku Blantyre si amene mukamupeze pa ofesi ya ku Joni, ndipo mawu a pakamwa sawoloka Limpopo.

Tibwerere ku manambala athu aja, kuti tione kuti kutaya tikiti kamodzi kumadya maulendo angati. Munthu wa randi ya K220 uja amapulumutsa K48,000 pa ulendo uliwonse. Tinene kuti wayenda maulendo asanu ndi ritani, ndipo kamodzi mwa asanuwo tikiti yobwerera yafa, wagula ina ku Joni. Pa maulendo obwerera walipira K260,000 kasanu, yomwe ndi K1,300,000, kuwonjezapo K308,000 ya tikiti yatsopanoyo, zonse K1,608,000. Mnzake amene amangogula ku Joni nthawi zonse walipira K308,000 kasanu, yomwe ndi K1,540,000. Wa mawaniweyi wapambana ndi K68,000. Mukawerengera maulendo asanu ndi limodzi, wa mawaniweyi akadali patsogolo ndi K20,000. Pa maulendo asanu ndi awiri ndi pamene wa ritani amayamba kupambana, ndi K28,000 yokha. Ndiye funso loti mudzifunse n'losavuta: pa maulendo anga asanu ndi awiri apitawa, ndi kangati ndinabwerera tsiku losiyana ndi limene ndinakonza? Ngati n'kawiri kapena katatu, ndipo kampaniyo siisintha tsiku mosavuta, ritani si yanu.

Palinso imene amati ritani yotsegula, yopanda tsiku. Imamveka bwino, koma dziwani chimene mwagula. Mwagula ulendo, simunagule mpando. Mpando umakhala wanu pokhapokha mwawaimbira ndipo akulembani pa tsiku lakutilakuti. M'miyezi imene mabasi amayenda ndi mipando yopanda anthu, tikiti yotsegula ndi yabwino kwambiri. Sabata ya Khirisimasi ikhoza kukugonetsani pa depoti masiku angapo, tikiti ili m'manja. Funsaninso kuti imatha mphamvu pakapita nthawi yaitali bwanji.

Tsopano katundu, ndipo apa tichedwapo chifukwa ndi pamene pamapita ndalama zambiri, komanso ndi pamene anthu salankhulapo akamakangana za tikiti.

Tikiti ya basi imalipira munthu ndi chikwama chake. Mabelo, makatoni, mashangani odzadza, firiji, matayala, zonsezo zimalipiridwa padera, pa tsiku lopakira, m'marandi, ndipo pa mabasi ambiri a njira yathuyi mtengo wake umachokera pa kukambirana. Wina amaika pa sikelo, wina amangoyang'ana ndi maso n'kutchula. Kwa munthu wa geni weniweni, ndalama ya katundu kawirikawiri imaposa ya mpando. Ndiye taganizirani mmene mumaimira pa kukambiranako. Ngati muli ndi ritani, kondakitala akudziwa kuti simungapite kwina. Mpando munalipira kale, katundu mwabwera naye kale pa bakki, basi ikunyamuka madzulo ano. Akatchula R2,500, mudandaula, achotsa R100, mulipira. Koma ngati mulibe tikiti, mumayenda pa mabasi awiri kapena atatu dzulo lake, kuwaonetsa chithunzi cha katundu, n'kufunsa mtengo wa munthu ndi katundu pamodzi. Poti akufuna mpando wawo udzaze, katunduyo amamutsitsa. Ngati wina wavomera R1,800 pa katundu yemweyo, mwapulumutsa R600. Pa K220 imeneyo ndi K132,000, pafupifupi katatu K48,000 ija imene ritani inakupulumutsirani.

N'chifukwa chake ife timasiyanitsa maulendo. Ulendo wokaoda tinthu tating'ono todula, monga mafoni, mawigi, mafuta odzola, zimene zimakwana m'zikwama ziwiri, ritani imatikomera chifukwa palibe chokambirana. Ulendo wokaoda katundu wolemera, timagula yopita yokha. Pali njira yapakati, imene amayi ambiri achikulire pa geniyi amachita: katundu wolemera amamupereka kwa matransipota kapena pa thiraki, iwo n'kukwera basi ndi chikwama chokha. Mukatero, ndiye kuti mwalekanitsa nkhani ya mpando ndi nkhani ya katundu, ndipo ritani imabwereranso kukhala yanzeru. Koma pamenepo mwasankha kusakhala pafupi ndi katundu wanu pa Mwanza pamene a MRA akumuona, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yofuna tsiku lake.

Dziwaninso kuti si basi iliyonse imatenga katundu wa geni. Ena amakhwimitsa malire a makilogalamu, ndipo katundu wopitirira amangomukana ngakhale mutafuna kulipira. Zinachitikapo pa basi ina imene tinakwera, mayi wina ali ndi tikiti yake ya ritani yabwinobwino, makatoni ake asanu ndi atatu ali pansi, a basi akuti tikutengani inuyo ndi zikwama ziwiri basi. Anasiya mpandowo n'kukafuna basi ina. Pogula ritani nenani chilungamo kuti mudzabwera ndi chiyani, ndipo mumve yankho musanalipire.

Nyengo nayo imatembenuza masamu onsewa. Njira ya ku Joni siidzadza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka Khirisimasi, abale athu ogwira ntchito ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town amakhala akubwera kumudzi, ndipo mabasi ochokera kumeneko amadzadza, mitengo n'kukwera. Mu Januwale zimatembenuka: odzadza ndi opita, obwera kuno amakhala ndi malo. Pasaka amachitanso chimodzimodzi koma mochepera. Munthu wa geni wokaoda katundu wa Khirisimasi amayenda mosemphana ndi chigulu popita, koma pobwera amagwera m'chigulumo. Ngati mukupita koyambirira kwa Disembala n'kubwerera cha pa 15 kapena 20, gulani ritani ya tsiku lenileni, mpando wolembedwa nambala, ngakhale ataichotsera kangachepe kapena osachotsera n'komwe. Chimene mukugula pamenepo ndi mpando, ndiponso kufika katundu akadali ndi msika. Zovala za ana za Khirisimasi zofika pa 27 Disembala zikhala pa shelefu mpaka chaka chamawa. Koma mukamapita mu Januwale, limbanani ndi mpando wopitira, wobwererawo ukupezani wokha, mwinanso motchipa.

Tisaiwale a imigireshoni. Munthu wa pasipoti ya Malawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, ndipo mwa zimene mlendo ayenera kukhala nazo ndi umboni woti atuluka, kutanthauza tikiti yobwerera kapena yopitirira kwina. Pa Beitbridge safunsa aliyense, koma ali ndi mphamvu yofunsa, ndipo masiku amene akudindireni amawasankha ndi iwo. Amene pasipoti yake ili ndi zidindo zambiri zolowa ndi kutuluka pa nthawi yake savutika kawirikawiri. Amene akupita koyamba, pasipoti yatsopano, waniweyi m'manja, ndiye amafunsidwa mafunso ambiri. Kubwezedwa pa Beitbridge ndi kutaya K300,000 yopitira ija, ndi yobwererera pamwamba pake, katundu osagula ngakhale mmodzi. Kwa wongoyamba kumene, ife timati akhale ndi tikiti yobwerera m'manja asananyamuke, kaya masamu akuti chiyani.

Koma apa pali chinthu chimene ambiri sachiona. Lamulo silinena kuti tikiti yobwererayo ikhale ya kampani imene mwabwera nayo, kapena kuti ikhale pa pepala limodzi ndi yopita. Mukhoza kugula mawaniweyi awiri musananyamuke, yopita pa basi iyi, yobwerera pa basi ina imene imatenga bwino katundu, kapena pa ndege. Pa boda muli ndi choonetsa, ndipo simunadzimange pa kampani imodzi. Ndiye njira si ziwiri zokha ayi. Pali ritani, pali mawaniweyi awiri ogula limodzi kuno, ndipo pali waniweyi yokagula konko. Yachiwiriyi ndi imene timaiona ikuiwalika. Za matikiti abodza opangidwa pa kompyuta kuti mungoonetsa pa boda, zisiyeni. Akaimba foni ku kampaniyo n'kupeza kuti dzina lanu kulibe, nkhani siikhalanso ya tikiti.

Ndipo tsiku la pa tikiti silitalikitsa masiku a m'pasipoti. Ngati akudindirani masiku 14 pamene ritani yanu ndi ya tsiku la 20, chimene chikugwira ntchito ndi chidindo. Kuyambira 2014, wopitirira masiku ake ku South Africa amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osakwana 30, zaka zisanu ngati wapitirira pamenepo. Yang'anani chidindocho musanachoke pa windo, ndipo werengerani kuti kuchoka ku Joni kufika pa Beitbridge ndi maola ambiri, ndipo mzere wa pa bodapo ukhoza kukulowetsani tsiku lina. Palibe tikiti imene mtengo wake ungafanane ndi chaka chathunthu chopanda njira ya ku Joni.

Pa ndege masamu ndi ena, ndipo amene anazolowera basi amadabwa. Pa basi, ritani ndi maulendo awiri ophatikiza, mwina ochotserako pang'ono. Pa ndege za makampani akuluakulu, makamaka maulendo aatali monga a ku Guangzhou kudzera ku Addis Ababa kapena a ku Dubai kudzera ku Nairobi, waniweyi kawirikawiri imakhala yoposa theka la ritani, nthawi zina kuyandikira mtengo wa ritani yonse. Makampaniwa amasungira mitengo yawo yotsika anthu opita ndi kubwera. Ndiye pa maulendo otere mawaniweyi awiri sapambana kawirikawiri, ngakhale mutawerengera ndalama yosinthira tsiku. Tinene kuti ritani ndi madola 1,100, waniweyi iliyonse ndi madola 750, ndipo kusintha tsiku ndi madola 150. Ngakhale mutasintha, mwalipira 1,250, pamene mawaniweyi awiri ndi 1,500. Chenjezo ndi lakuti posintha salipiritsa chindapusa chokha. Ngati mipando ya mtengo umene munagulira yatha pa tsiku latsopanolo, mumawonjezera kusiyana kwa mtengo, ndipo nyengo ya chionetsero cha malonda cha Canton Fair, mu Epulo ndi Okutobala, kusiyanako kukhoza kuposa chindapusacho.

Ndege zotchipa za mkati mwa South Africa, monga FlySafair pakati pa Joni ndi Durban kapena Cape Town, zimatchaja ulendo uliwonse pawokha. Kumeneko ritani ndi mitengo iwiri yophatikiza basi, ndiye palibe chimene mukutaya mukagula padera, kupita ndi kampani iyi n'kubwera ndi ina. Ingoonani za chikwama, chifukwa mtengo wotsikitsitsa umene umaoneka poyamba ndi wa kachikwama kam'manja kokha.

Lamulo limodzi la ndege limene aliyense ayenera kulidziwa asanagule ritani ndi ili: maulendo a pa tikiti imodzi amayendedwa motsatana. Mukalephera kukwera ulendo woyamba osawauza, kompyuta imakulembani kuti `no-show` ndipo imafafaniza maulendo onse otsatira. Munthu amagula ritani ya Lilongwe–Joni, kenaka n'kupeza mnzake wa galimoto akupita, n'kuganiza kuti ndipita naye, ndege ndidzakwera pobwera. Akafika pa OR Tambo tsiku lobwerera apeza dzina lake mulibe. Mawaniweyi awiri alibe vuto limeneli, chifukwa iliyonse imaima payokha, yoyamba ikafa yachiwiri ikadali ndi moyo. Ndiye ngati ulendo wokayikitsa ndi wopitawo, mwachitsanzo mukudikira viza kapena ndalama, mwina musagule msanga, mwina gulani padera. Zinthu zikasintha mutagula kale, imbani foni ndege isananyamuke kuti asinthe tikitiyo. Kuimba ndege itapita n'kochedwa.

Pogula pa intaneti kapena kwa ejenti, werengani malamulo a mtengowo pa maulendo onse awiri. Pa tikiti imodzi ya ritani, gawo lina likhoza kukhala losinthika, lina lolembedwa `non-refundable`, ndipo pa kubweza ndalama makampani ambiri amatsatira lamulo lokhwima kwambiri pa tikiti yonseyo. Kwa amene mumalowera mzinda wina n'kutulukira wina, monga kutsikira ku Guangzhou n'kukathera ku Yiwu kenaka kukwerera ku Shanghai, musathamangire mawaniweyi awiri. Sankhani pamene palembedwa `Multi-city`. Mtengo wake umawerengedwa ngati wa ritani, ndipo simubwerera ku Guangzhou pachabe. Komanso pa ndege, za tikiti yobwerera amayamba kufunsa ndi a kampani ya ndegeyo musanakwere, chifukwa mukakanizidwa kolowera, ndi iwo amene amakubwezani. Munthu wa viza ya ulendo waufupi ali ndi waniweyi akhoza kutsala pa Kamuzu kapena pa Chileka pomwepo.

Njira ya ku Dar es Salaam sitichedwapo. Ambiri amayenda modukizadukiza, kufika pa Songwe, kuwoloka kupita ku Kasumulu, kukwera ya ku Mbeya, kenaka ya ku Dar, ndipo gawo lililonse lili ndi tikiti yake. Mbali ya Tanzania mabasi ndi ambiri tsiku lililonse, katundu wa ku Kariakoo ambiri amamutumiza padera, ndiye ritani ilibe ntchito kwenikweni, kupatula kwa amene akukwera basi yochoka ku Malawi mpaka ku Dar osatsika. Iwowo achite masamu omwe aja, mashilingi m'malo mwa marandi.

Inu madalaivala, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono, chifukwa nthawi zambiri mumafuna mbali imodzi yokha. Mukupita ku Durban kapena ku Dar kukatenga galimoto pa doko, mubwera mukuyendetsa. Kapena mwakasiya thiraki, mubwera pa basi. Pamenepo waniweyi ndiye yoyenera, ndipo chimene chimalowa m'malo mwa tikiti yobwerera pa boda ndi kalata ya bwana kapena ya mwini galimotoyo, pamodzi ndi mapepala a galimoto mukukatengayo. Akhale pa pepala, osati mufoni mokha, poti foni imatha moto pa mzere. Mukamapita pa ndege, funsani mitengo yonse iwiri ngakhale mukufuna mbali imodzi, chifukwa zimachitika kuti kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Ikakhala choncho, ritaniyo imakupatsani choonetsa pa eyapoti, komanso njira yobwerera ngati galimotoyo yachedwa kutuluka pa doko masiku anu a m'pasipoti n'kuyamba kutha. Mukabwera pa msewu, ulendo wachiwiriwo auzeni kuti simukwera. Ndalama ya ulendowo musaiyembekezere kwambiri, koma misonkho ya pa eyapoti ya gawo limene simunayende nthawi zina imabwezedwa mukaifunsa. Chosatheka ndi kutembenuza, kusiya gawo loyamba n'kufuna kukwera lachiwiri, monga tanenera kale.

Ulendo wathu wotsatira ndi wa kumapeto kwa mwezi uno, wokaoda mabulangete ndi makapeti, katundu wolemera, ndipo si nyengo ya chigulu. Tagula yopita yokha, ndipo R1,400 ya mpando ndi ndalama ya katundu taziika mu envulopu yake, yosiyana ndi ya oda, kuti zisatheretu m'mashopu. Mtsikana mmodzi amene tikupita naye koyamba tamugulira yobwerera ya pa basi ina kunoko, ya tsiku la 10, yosinthika ukawauza kutatsala tsiku limodzi. Amene mwadutsa pa Park Station sabata ino, tiuzeni kuti belo ya mabulangete akutchaja zingati.